Mmene ndinakonzera muyeso wa dizilo ndi mpweya pa bena ya boyila ku Mangochi

Boyila yomwe ndinaitanidwira ili pa fakitale ina kunja kwa tauni ya Mangochi, ndipo bena yake imawotcha dizilo wokwana makilogalamu 100 pa ola ikakhala pa moto waukulu. Dandaulo la eni ake linali loti nthawi zonse akafuna nthunzi yambiri mwadzidzidzi, chumuni chimalavula utsi wakuda kwa kanthawi kenaka n'kuyera, koma moto ukakhala wapakati dizilo amatha msanga pomwe nthunzi siikuchuluka. Ndilongosola njira yomwe ndinatsata, chifukwa dongosolo lake ndi lomwelo pa bena iliyonse yokhala ndi mita ya mafuta, mita ya mpweya ndi makontirola awiri.

Ndisanakhudze chilichonse ndinayamba ndawerengera pa pepala. Kuti kilogalamu imodzi ya dizilo ipse yonse pamafunika mpweya wa makilogalamu pafupifupi 14.5. Koma m'ng'anjo mafuta ndi mpweya sizisakanikirana bwinobwino mpaka kadontho komaliza, choncho timaonjezerapo mpweya wapadera. Pa bena ya dizilo yomwe ili pa moto waukulu, mpweya woonjezera wa maperesenti 15 mpaka 20 umakwanira. Ndinatenga maperesenti 17, ndipo 14.5 kuchulukitsa ndi 1.17 kumapereka pafupifupi 17, womwe ndi muyeso wathu: makilogalamu a mpweya pa kilogalamu imodzi ya dizilo. Ndiye kuti pa dizilo wa makilogalamu 100 pa ola tikufuna mpweya wa makilogalamu 1,700, pa 40 tikufuna 680. Mpweya ukaperewera, mafuta sapsa onse: pamatuluka mwaye ndi kaboni monokosaidi, monga imachitira nyali ya koloboyi chingwe chikatalika. Ukachulukitsa, moto umaoneka waukhondo ndithu, koma dizilo wanu akugwira ntchito yotenthetsa mpweya womwe ukungodutsa n'kutulukira ku chumuni.

Chachiwiri chinali kufufuza ngati mamita akunena zoona, ndipo apa ndi pomwe ndinachedwa kwambiri. Kontirola sadziwa moto, amangodziwa nambala yomwe mita yamupatsa. Mita ya dizilo ndinaiyesa poifananiza ndi kutsika kwa mafuta m'thanki yaing'ono pa nthawi yodziwika, poganizira kuti lita imodzi ya dizilo imalemera pafupifupi makilogalamu 0.84, ndipo zinagwirizana. Ya mpweya ndiyo inali ndi nkhani. Mita ya mtundu uwu siyeza mpweya mwachindunji, imayeza kusiyana kwa puresha mbali ziwiri za chotchinga chomwe chili m'njira ya mpweya. Kusiyanako sikukwera mofanana ndi mpweya. Mpweya ukakhala theka, kusiyana kwa puresha kumakhala gawo limodzi mwa magawo anayi. N'chifukwa chake chizindikiro cha mitayo chimayenera kudutsa pa `SQRT`, masamu otembenuza kusiyana kwa puresha kukhala kuchuluka kwa mpweya, kaya m'mita momwemo kaya m'kontirola, koma kamodzi kokha.

Ndinapeza kuti mita ili pa `LINEAR`, kutanthauza kuti siikuchita `SQRT`, ndipo m'kontirola mulibenso `SQRT`. Taonani zomwe zimachitika zikatero. Kontirola akufuna mpweya wa maperesenti 50, ndiye amatsekula dampa, chitseko cha mpweya, mpaka mita iwerenge 50, koma pamenepo mpweya weniweni wafika 71. Pa moto waukulu zonse zimaoneka bwino chifukwa 100 ndi 100 basi, cholakwikacho chimabisala pakati. Dizilo wotha msanga uja gwero lake linali limeneli. Choopsa kuposa apa ndi kuika `SQRT` kawiri, m'mita komanso m'kontirola, chifukwa pamenepo mita imawerenga 50 mpweya weniweni uli 25, ndipo ng'anjo imadzaza mafuta osapsa. Choncho mukakonza mbali imodzi, yang'ananinso inayo. Ndinaika `SQRT` m'kontirola, ndinazimitsa fani kuti ndione ngati mita ibwerera pa 4 mA, chizindikiro chake cha ziro, ndinachotsanso fumbi m'timapaipi tiwiri topita ku mita, poti kuno fumbi la chilimwe silichedwa kuzitseka.

Mamita atakhala bwino, ndinaika makontirola onse awiri pa `MAN`, kuti ndiziyendetsa ndi manja, n'kulowetsa choyezera utsi pa kabowo ka chumuni, pafupi ndi potulukira boyila. Malo ake ndi ofunika: mukayezera kutali, mpweya wolowera m'ming'alu umakweza okosijeni n'kukunamizani kuti bena ili ndi mpweya wokwanira. Okosijeni wotsala mu utsi ndiye amakuuzani mpweya woonjezera, motere:

```
excess air % = O2 / (20.9 - O2) * 100
```

Okosijeni wa maperesenti 3 amapereka mpweya woonjezera wa maperesenti pafupifupi 17, zomwe zikugwirizana ndi zija ndinawerengera pa pepala.

Kenaka ndinayenda ndi moto pang'onopang'ono kuchokera pansi kupita pamwamba. Pa sitepe iliyonse ndimayamba kutsekula mpweya, kenaka dizilo, n'kudikira kuti nambala zikhazikike. Zikakhazikika ndimachepetsa mpweya pang'ono pang'ono mpaka kaboni monokosaidi ayambe kukwera. Iyeyu sakwera mwaulemu, amakhala pansi nthawi yaitali kenaka n'kulumpha. Pomwe walumphirapo ndi pa malire, ndipo ndimabwezera mpweya kuti okosijeni akhale pafupifupi peresenti imodzi pamwamba pa malirewo. Pa makilogalamu 100 ndinaima pa okosijeni 3, muyeso 17. Pa 50 ndinaima pa 4, muyeso 18. Pa 25, moto wotsikitsitsa, sindikanatsika kuposa 5.5, womwe ndi muyeso wa pafupifupi 20, chifukwa mpweya ukamayenda pang'onopang'ono susakanikirana bwino ndi timadontho ta dizilo. Ndiye muyeso si nambala imodzi ayi. Ndinaulowetsa m'kontirola ngati tebulo, kuti uzisintha malinga ndi kukula kwa moto.

Madala omwe amayendetsa boyilayi anandifunsa kuti, "Achimwene, bwanji mwasankha kuchita zimenezi masana dzuwa likuswa mtengo, osati m'mawa kukadali kozizira?" Yankho lake lili mu mpweya wa kuno. Mangochi ili pamalo okwera mamita osafika 500 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo m'mawa wa mu Juni, kutentha kuli madigiri 15, kiyubiki mita imodzi ya mpweya imalemera pafupifupi makilogalamu 1.16. Masana a mu Okutobala pa madigiri 35 imalemera 1.08. Fani imakankha mulingo womwewo wa mpweya, koma kulemera kwake kwatsika ndi maperesenti pafupifupi 7, ndipo moto umadya kulemera, osati mulingo. Bena yongodalira pomwe paima dampa, yokonzedwa m'nyengo yozizira pa mpweya woonjezera wa 17, ikafika mu Okutobala imatsala ndi 9 yokha. Pa yathuyi, yokhala ndi mita ya puresha, kusiyanako kumakhala pafupifupi theka la pamenepo, komabe kulipo. Ukakonza kukutentha, kuzizira kukabwera umangotaya dizilo pang'ono. Ukakonza kukuzizira, kutentha kumabwera ndi utsi. Ine ndimasankha choyambacho.

Tsopano utsi wakuda uja. M'kontirola munali njira yosavuta yomwe ambiri amayambira: dizilo amatsatira kufunika kwa nthunzi, mpweya n'kumatsatira dizilo. Moto ukamatsika njirayi ilibe vuto, poti dizilo amayamba kutsika. Koma ukamakwera, valavu ya dizilo imatsekuka msanga pomwe dampa ndi fani zikukwawa m'mbuyo, ndipo m'masekondi amenewo ng'anjo ili ndi mafuta ochuluka kuposa mpweya. Kutembenuza kuti dizilo azitsatira mpweya sikuthetsa kanthu, kumangosamutsira utsiwo pa nthawi yotsika. Chofunika n'chakuti mpweya uzitsogola pokwera, dizilo azitsogola potsika, ndipo zimatheka ndi mizere iwiri:

```
air_SP  = MAX(demand, fuel_PV) * ratio
fuel_SP = MIN(demand, air_PV / ratio)
```

Apa `SP` ndi nambala yomwe kontirola walamulidwa kufika, `PV` ndi yomwe mita ikuwerenga, `ratio` ndi muyeso, ndipo `demand` ndi dizilo yemwe kontirola wa puresha ya nthunzi akupempha. Tiyerekeze ndi muyeso 17 kuti masamu asavute. Moto uli pa makilogalamu 40, mpweya pa 680, kenaka puresha ya nthunzi yatsika ndipo `demand` yalumphira pa 70. Mzere woyamba umasankha chachikulu pakati pa 70 ndi 40, choncho mpweya umalamulidwa nthawi yomweyo kupita pa 1,190. Mzere wachiwiri umasankha chaching'ono pakati pa 70 ndi 680 kugawa ndi 17, yomwe ndi 40, ndiye dizilo sasuntha kaye. Mpweya ukafika 850 dizilo amaloledwa kufika 50, ukafika 1,020 amafika 60, mpaka onse akumane pamwamba. Potsika zimatembenuka: `demand` ikabwerera pa 40 dizilo amalamulidwa kutsika pompo, koma mpweya umagwiridwa ndi dizilo yemwe mita ikuwerengabe, n'kumatsika pambuyo pake.

Chomwe ndimaikondera njirayi n'choti imadalira mpweya womwe wafikadi, osati womwe walamulidwa. Lamba wa fani atati aterereke mpweya n'kukakamira pa 900, dizilo sangapitirire 53 ngakhale fakitale ikuwe bwanji. Nthunzi ichepa, anthu adandaula, koma ng'anjo siidzaza mafuta. Mtengo wake ndi liwiro. Boyila imayankha mochedwerapo, ndipo ngati mita ya mpweya ikunjenjemera, mizere iwiriyi imakokana mpaka moto kumangogwedezeka malo amodzi. Ndinazithetsa posefa pang'ono chizindikiro cha mpweya ndi kupatsa dizilo kampata kochepa kwambiri pamwamba pa malire ake. Kampatako kakakula, chitetezo chonse chatha.

Pobwezera pa `AUTO` ndinayamba ndi kontirola wa mpweya, kenaka wa dizilo, pomaliza wa puresha ya nthunzi, nditaonetsetsa kuti pa aliyense `SP` ikufanana ndi `PV` kuti valavu isalumphe. Ndinaikanso lamulo loti wina akaika mpweya pa `MAN`, dizilo asatsale yekha pa `AUTO`. Zoyatsa moto sindinazikhudze. Kupemerera ng'anjo ndi fani moto usanayatsidwe, diso loona lawi, ndi valavu yodula mafuta magetsi akathima kapena lawi likazima ndi ntchito ya chipangizo china chachitetezo, ndipo muyeso wabwino sulowa m'malo mwake.

Kuyesa komaliza kunali kotsekula nthunzi yambiri mwadala, madala aja ali panja maso ali pa chumuni, ine ndili pa sikirini. Mzere wa mpweya unayamba kukwera, wa dizilo n'kumautsatira m'munsi, ndipo okosijeni anakwera kaye pang'ono asanabwerere pa 3. Kukwera kwa kanthawi kumeneko ndi chizindikiro choti mpweya watsogoladi. Akanati atsike kaye, ndikanadziwa kuti dizilo akadali patsogolo. Potseka nthunzi okosijeni anakweranso, monga ziyenera kukhalira. Ndinawalembera madalawo manambala a okosijeni ndi kutentha kwa chumuni pa moto wa 25, 50 ndi 100, n'kuwauza kuti kutentha kwa chumuni kukamakwera sabata ndi sabata pa moto womwewo, mwaye wayamba kumata m'machubu, ndipo asanasinthe nambala iliyonse m'kontirola ayambe aona nozulo ya bena ndi timapaipi ta mita ya mpweya.