Sienta yomwe inkaganiza kuti ku Zomba kwagwa chisanu

Sabata ino inayamba ndi ntchito zomwe aliyense wa ife amagwira ali mtulo: maselevisi atatu, mabuleki a minibasi ya ku Jali, ndi Nissan 1400 yakale yomwe kabureta yake inkasefukira. Singano ya fuloti inali itadyeka, petulo n'kumakwera mopyola muyezo m'kambale. Ndinasintha singano, ndinakonza msinkhu wa fuloti, ndinapotoza sikuluu ya mikisicha mpaka injini inakhazikika. Mwini wake anapita dzuwa lisanafike pamutu.

Yomwe yandipsetsa mtima ndi Sienta ya Lachitatu, ya injini ya 1NZ-FE, yomwe imanyamula anthu pakati pa Zomba ndi Limbe. Dalaivala anati ulendo womwe unkadya malita 6 tsopano ukudya 9, ndipo mapulagi akuda sabata iliyonse. Asanafike kwathu anali atadutsa m'manja mwa amisiri awiri. Wina anasintha mainjekita onse anayi. Wina anachotsa themositati, n'kulumikiza fani kuti izizungulira nthawi zonse, kenako n'kupotoza kasikuluu koimitsa chitseko cha mpweya, kuti akuchepetsa mafuta. Kasikuluu kameneko sikakhudzana ndi mafuta ngakhale pang'ono. Anangotengera dzanja la kabureta pa galimoto yomwe ilibe kabureta.

Mu kabureta, mpweya ndi umene umadzikokera petulo wokha. Ukamadutsa pakhosi popapatiza paja umathamanga, mphamvu yake yokankha imatsika, ndiye petulo wa m'kambale ka fuloti amayamwika kudzera pa jeti. Kuchuluka kwake kumadalira liwiro la mpweyawo, kukula kwa bowo la jeti ndi msinkhu wa petulo m'kambalemo, basi. N'chifukwa chake msiri wa khutu labwino amatha kuichuna ndi sikuludalaiva. N'chifukwa chakenso galimoto yochunidwa ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, imayamba kununkha petulo ikakwera phiri kupita ku Ku Chawe: mpweya wa kumtunda ndi wopepuka, koma jeti siidziwa zimenezo.

Pa injekishoni palibe choyamwa. Pampu ya magetsi ya m'thanki imakankha petulo pa mphamvu ya mabaa pafupifupi 3, ndipo mphamvuyo siisintha. Bowo la injekita nalonso silisintha. Chomwe chimasintha ndi nthawi yomwe kompyuta bokosi imatsegula injekitayo, mamilisekondi angapo. Kuti ipeze nthawiyo imawerengera. Sensa ya pa paipi yolowetsa mpweya imaiuza kulemera kwa mpweya womwe ukulowa, tinene magalamu 2 pa sekondi injini ikamangolira payokha. Petulo amapsa bwino akakhala galamu imodzi pa magalamu 14.7 a mpweya, choncho kompyuta imadziwa kuti pakufunika magalamu 0.14 pa sekondi, n'kugawira masilinda anayi. Injini ikatentha, sensa ya okosijeni ya pa ekizozi imaiuza ngati yapyoza kapena yaperewera, iyo n'kumakonza kangapo pa sekondi.

Tsono chimodzi mwa zinthu zomwe zimaipangitsa kuwonjezera petulo mwadala ndi injini yozizira. Petulo sasanduka nthunzi bwino pa chitsulo chozizira, ndiye pamafunika wambiri. Pa kabureta ndi ntchito ya choko, ndipo choko ikakakamira umaiona ndi maso. Pa injekishoni choko yake ndi kasensa kakang'ono ka mawaya awiri koyeza kutentha kwa madzi. Kakanama, galimoto imayenda tsiku lonse ngati yokoka choko, iwe osaona kanthu.

Ndinaikayikira sensa imeneyi nditangoona kuti kanyali kabuluu kosonyeza kuti injini ndi yozizira sikakuzima. Dalaivala anati, "Aaa amisiri, kameneko kamangoyaka chomwecho, tinakazolowera." Koma kukayikira si umboni, ndipo apa ndi pamene vuto la pagalaja pathu linaonekera. Sikana yathu, makina oonetsa zomwe kompyuta ya galimoto ikuwerenga, inafa chingwe kalekale, ndipo mabwana akuti ndalama palibe, chonsecho theka la magalimoto olowa pageti masiku ano ndi a injekishoni. Ndinawauza kuti, "Bwana, popanda makina ndingoyamba kulosera ngati anzanga aja." Anandiyankha kuti ndiyese kaye kusintha sensa ya mpweya, tione. Ndinakana. Galimoto inagona pompo, ndipo sikana ndinakabwereka kwa mnzanga wa ku Chinamwali.

Kugonako kunathandiza. Galimoto ikagona usiku wonse, madzi ndi mpweya zimakhala pa kutentha kofanana, ndiye sensa ziwirizo ziyenera kunena chimodzi. Lachinayi m'mawa, injini isanalire, sensa yoyeza kutentha kwa mpweya inkati madigiri 14, zomwe zinali zoona ndi kuzizira kwa Juni kuno. Ya madzi inkati digiri 1. Titailiza kwa mphindi 20, paipi ya ladiyeta itafunda ndithu, sikana inkati madzi ali pa 16. Pa mzere wa `Fuel System Status` panali `OL`, kutanthauza kuti kompyuta sinayambe kumvera sensa ya okosijeni chifukwa ikudikirabe kuti injini itenthe. Injekita inkatseguka mamilisekondi opyola 4, pomwe pa injini yotentha ndimayembekezera pakati pa 2 ndi 3. Sensa ya okosijeni inangoima pa mavoti 0.9, ikukuwa kuti petulo wachuluka, popanda woimvera.

Nyali ya cheki injini sinayake, ndipo m'pomveka. Waya akaduka, kompyuta imaona madigiri -40, imadziwa kuti n'zosatheka, n'kulemba khodi ya vuto `P0115`. Koma madigiri 16 ndi nambala yotheka. Ilibe chifukwa choikayikira.

Ndinazula soketi n'kuyeza sensayo payokha ndi malitimita. Sensa izi zikamatentha zimatsika maomu, omwe ndi muyezo wa kukaniza magetsi kudutsa: pafupifupi 2,400 pa madigiri 20, ndipo pafupifupi 300 pa madigiri 80. Iyi inapereka maomu 600, omwe akufanana ndi madigiri 60 kapena kuyandikira pamenepo. Ndiye kuti sensa inalibe mlandu. Mlandu unali m'soketi: timano take tinali tobiriwira ndi dzimbiri, ndipo waya umodzi unali wopotokola ndi manja n'kukulunga tepi. Pamenepo pankawonjezereka maomu opyola 2,000. Kompyuta siisiyanitsa maomu a sensa ndi a dzimbiri, imangophatikiza zonse n'kuwerenga kuzizira.

Apa nkhani yonse inalumikizana. Pa injini iyi fani imayatsidwa ndi kompyuta yomweyo potengera sensa yomweyo. Poti inkaona kuzizira, siinkayatsa fani, galimoto n'kumawira pamzere wa magalimoto ku Limbe. Msiri uja m'malo mofunsa chifukwa chake anachotsa themositati n'kulumikiza fani mwachindunji. Kuwira kunatha, koma injini inasiya kufika pa kutentha kwake, ndipo kumwa petulo kunakula. Mainjekita anayi atsopano aja anali ndalama zotaya.

Ndinaika soketi ina, ndinawotcherera waya, ndinabwezera themositati ya madigiri 82, fani ndinaibwezera pa waya wake, ndipo kasikuluu kaja ndinakabwezera pamalo pake potsata utoto wa ku fakitale. Oilo ndinakhetsa chifukwa ankanunkha petulo, yemwe ankatsetsereka m'makoma a masilinda. Mapulagi ndinaika atsopano. Titakwera nayo mpaka ku damu la Mulunguzi n'kutsika, madzi anakhazikika pa 86, `OL` inasanduka `CL` kusonyeza kuti kompyuta yayamba kumvera sensa ya okosijeni, injekita inatsikira pa mamilisekondi 2.4, ndipo kanyali kabuluu kanazima tisanatuluke m'tauni.

Lachisanu linali la makilatchi ndi mashokobu, palibe chonena. Loweruka kwalowa Vitz yomwe ikuzima ikafika pachitunda. Ndikukayikira pampu kapena sefa ya m'thanki, koma geji yoyezera mphamvu ya petulo nayo tilibe, ndipo mnzanga wa ku Chinamwali uja wapita kumaliro ku Mayaka mpaka Lachiwiri.