Lachitatu, ndi 35 ya bambo

Tulo takana. Bambo agona kuchipinda cha ana, atatsamira mapilo atatu chifukwa akagona chagada amabanika, ine ndili pano ndi pepala la eko ija anawajambula mtima.

Chinandiwawa ndi mmene anakhalira chete titatuluka mojambulira. Pabenchi anandilozera pomwe palembedwa EF 35%, nkuti, "Mwanawe, ndiye kuti mtima wanga watsala 35 pa 100?" Ndinasowa choyankha. Inenso ndimaganiza zomwezo.

Adokotala atamva funsolo anatembenuza pepala nkujambula kachipinda ka mtima. Akuti ndi chakumanzere chammunsi, chomwe chimakankhira magazi thupi lonse. Chimadzaza, kenako nkufinya, koma sichikhuthula onse ngakhale mwa mnyamata wosewera mpira. Mwa munthu wabwinobwino mumalowa mamililita ngati 120, nkutuluka ngati 70. EF ndi gawo lotulukalo, ndipo yabwino imakhala pakati pa 55 ndi 70. Palibe amene ali ndi 100. Cha bambo chatanuka, chikulandira 160 koma chikutulutsa 56 yokha, nchifukwa chake 35. Ikatsika pansi pa 40 amati mtima wafooka, ndipo magazi osowa kolowera amapanikizana mpaka madzi kudzaza m'mapapo. Mapilo aja ndi mapazi otupawa gwero lake ndi limeneli.

"Ndiye siwatha?" anafunsa bambo.

"Ayi bambo, wangotopa. Mukamamwa mankhwala osadumphitsa, nambalayi imatha kukwera. Tidzajambulanso pakapita miyezi."

Pomwe alemba LVH, kutanthauza kukhuthala kwa khoma la mtima, ndi pomwe ndinapsa mtima, osati ndi adokotala. Khoma la chipindacho lakhuthala kufika mamilimita 14, pomwe kwa mwamuna siliyenera kupitirira 10. Bambo anamwetulira, ati ndiye kuti ndi lolimba ngati mkono wa mlimi. Adokotala anapukusa mutu. Nyama ya mtima imakhuthala ikamalimbana ndi bipi yokwera kwa zaka zambiri, ndipo ikatero imauma, siimasuka bwino kuti magazi alowe, mapeto ake imafooka. Ndinakumbukira mapilitsi a bipi omwe ndinawapeza m'thumba la jekete chaka chatha, osatsegula. Ati ankamva bwino. Sindinanene kanthu. Mpaka pano zikundidya kuti ndinangowabwezera m'thumba muja osawakalipira.

Za vavu yodontha, yomwe alemba kuti mild MR, bambo anazimva msanga kuposa ine chifukwa ndi wa komiti ya mjigo kumudzi. Labala ikatha, upopa madzi koma ena akubwerera pansi. Kwa iwo chipinda chotanukacho chakoka zitseko za vavu, sizikukumananso bwino, ndiye magazi pang'ono akubwerera mmbuyo. Akuti kudontha kwake nkochepa, sikofuna opaleshoni, angomakuyang'anira.

Mchere atiuza kuti tichepetse. Madzulo ndinaphika usipa wopanda mchere, bambo anadya mbamu ziwiri nkusamba m'manja. Mawa ndikasake sikelo, akuti thupi likalemera makilo awiri m'masiku atatu ndi madzi amenewo, tibwerere msanga. Ndikumva akutsokomola. Kaya ndikawadzutse, kaya ndiwasiye.