Lamulo la Gauss: jambulani mivi musanasankhe safesi

Asayimenti ya fizikisi ija ndapereka, mtima wakhala pansi, koma manotsi aja sindinawakhululukire. Ndinakwera kabaza mpaka ku Kamuzu Road dzuwa la Salima likuswa mtengo, ndinalipira fotokope, kufika kunyumba n'kupeza tsamba la zojambula latuluka lakuda bii. Kubwererako mawa lake, magetsi kulibe. Ndinatsala ndi Φ = Q/ε₀ ndi chitsanzo chimodzi cha mpira, cholembedwa ngati kuti 4πr² ndi mbali ya lamulolo. Ayi ndithu. Imeneyo ndi eriya ya mpira basi, ndipo funso langa linali la silinda.

Silindayo ndi yaitali kwambiri, yopanda mphako mkati, rediyasi yake R = 2 cm, ndipo chaji yamwazikana mofanana monsemo, ρ = 4 × 10⁻⁶ C/m³. Amafuna E pa r = 1 cm ndi pa r = 5 cm kuchokera pa mzere wapakati.

Musanalembe fomula iliyonse, jambulani mivi ya E. Pa silinda yotere mivi imatuluka cham'mbali kuzungulira konse, palibe wopita m'litali, ndipo pa mtunda umodzi kuchokera pakati mphamvu yake ndi imodzimodzi. Safesi yotsekeka imene mukusankha iyenera kutsata mivi imeneyi. Pena E iboole safesiyo molunjika ili ndi kukula kofanana ponse, pena ingodutsa m'mbali mwake osaboola. Fulakisi Φ ndi EA cos θ, ndiye pamene yaboola molunjika mumapeza EA, pamene yangodutsa mumapeza ziro. Apa chokwanira ndi chitini chongoganizira, chotalika L, chokhala ndi zivundikiro ziwiri, chovekedwa pa mzere wapakati womwewo. Zivundikiro sizipereka kanthu chifukwa mivi imangozikhudza chogona. Khoma lozungulira ndilo limapereka E × 2πrL.

Pamene anthu ambiri amagwa ndi pa Q. Si chaji yonse ya silinda, koma yokhayo imene yalowa m'chitini. Pa r = 1 cm chitini chili mkati mwa silinda, ndiye Q = ρπr²L. Mukaika mu lamulo, E × 2πrL = ρπr²L/ε₀, zimene zikupereka E = ρr/(2ε₀). Sinthani masentimita akhale mamita, r = 0.01, ndipo ε₀ = 8.85 × 10⁻¹², mupeza pafupifupi 2260 N/C. Pa 5 cm chitini chakula kuposa silinda, koma chaji inathera pa R, choncho Q = ρπR²L, osati r. Khoma lokha ndilo likhala ndi r. Apa E = ρR²/(2ε₀r), pafupifupi 1808 N/C.

Ndaiwala kunena za L. Mnzanga wina wa m'gulu lathu lowerengera anauma mutu kuti funso ndi lolakwika poti sanatipatse kutalika, mpaka tinataya madzulo onse tikukangana. L mwabwera naye nokha, ndiye ayenera kufafanizika mbali zonse ziwiri. Akatsala mu yankho, pena mwaphonya. Njira ina yodziyesera ndi kuika r = R m'mafomula awiri aja. Onse ayenera kupereka 4520 N/C. Mkati E imakwera molingana ndi r, kunja imatsika ngati 1/r, ndipo ziwirizi zimakumana pa khoma la silinda.

Funso lachiwiri linali la chipepala chachikulu chophwatalala chokhala ndi chaji σ pa sikweya mita iliyonse. Jambulaninso mivi kaye! Chitini ndi chomwecho, koma tsopano chaboola chipepalacho, theka uku theka uko, ndipo ntchito zasinthana. Khoma lozungulira ndi ziro, zivundikiro ndizo zikuwerengedwa, zonse ziwiri. Ndiye 2EA = σA/ε₀, ndipo E = σ/(2ε₀), posatengera kuti mwaima patali bwanji. Manotsi aja pansi pake analembanso σ/ε₀ osafotokoza kanthu, ngati kuti ina mwa ziwirizi ndi yolakwika. σ/ε₀ ndi ya kunja kwa chitsulo pafupi penipeni nacho, pamene chivundikiro chimodzi chili mkati mwa chitsulocho momwe E ndi ziro.

Za mpira sindichulutsa, mivi imatuluka kuchokera pakati, safesi ndi mpira wina, ndipo kunja E = Q/(4πε₀r²).

Akakupatsani kandodo kakafupi, kapena akafuna E pafupi ndi mapeto a silinda, musavutike ndi chitini. Lamulo la Gauss likadali loona pamenepo, koma mivi yapendama, E siyofanana pakhoma ponse, ndipo simungaitulutse panja pa intigiresheni. Pamenepo muyenera kudula ndodoyo m'tizidutswa n'kuphatikiza ndi lamulo la Coulomb.