VPN pa rauta kapena pa foni: tanelo ikuyambira pati?

Mtima wanga wakhala pansi tsopano. Nkhani ya VPN pa rauta yakhala ikundizunguza mutu chiyambireni phunziro la manetiweki, ndipo chomwe chandimasula ndi funso limodzi lomwe sindinalimvepo m'kalasi: kodi paketi ikulokedwa pa chipangizo chiti? Pomwe pali kiyi ndi pomwe tanelo ikuyambira. Ukangogwira chimenechi, mafunso ena onse amayamba kuyankhika okha. Za kuti VPN n'chiyani sindilowako, anzanga mukuzidziwa kale.

Mukaika apu ya VPN pa foni, paketi imalokedwa m'foni momwemo isanatuluke. Rauta imangoona mtolo womata wopita ku seva imodzi, sidziwa za m'kati mwake. Mukaika VPN pa rauta, foni sidziwa n'komwe kuti kuli VPN. Imatumiza mapaketi ake monga mwa masiku onse, rauta n'kuwalandira, kuwaloka, kenako n'kuwaponya kunja. Kuli ngati kumata envelopu wekha m'chipinda, kusiyana ndi kupatsa mlonda wa pachipata kuti azimata makalata a nyumba yonse. Kuchokera pa foni kufika pa rauta, chokutetezani ndi pasiwedi ya wayifayi ndi HTTPS basi. Tanelo sinayambe.

Taonani mmene funso limeneli likumasulira chinthu chomwe ambiri kuno kwa Ngabu timachita. Rauta yathu nthawi zambiri ndi foni: munthu wagula bandulo, wayatsa Hotspot, laputopu yalumikiza. Mnzanga wina wa m'kalasi anali ndi VPN pa foni yake ya Android, kachizindikiro ka kiyi kakuoneka pamwamba, iye n'kumati laputopu nayonso yabisika. Tinatsegula tsamba loonetsa adiresi ya IP pa zipangizo zonse ziwiri. Foni inaonetsa Johannesburg, komwe kuli seva yake. Laputopu inaonetsa adiresi ya kampani ya foni ya konkuno ku Malawi. Chifukwa chake n'chakuti pa Android, mwachizolowezi, apu ya VPN imatenga mapaketi a mapulogalamu a m'foniyo, pomwe mapaketi ochokera ku Hotspot amadutsa pambali n'kutuluka osalokedwa. Kiyi ali pa foni, inde, koma sanapatsidwe ntchito yoloka za alendo.

Ndiye kunyumba ndinachita zomwe ndimazikhulupirira. Kamodemu ka simukhadi komwe tili nako kalibe poika WireGuard, pulogalamu yopanga tanelo ya VPN, monga zilili ndi tambiri totere. Ndinapeza rauta yachiwiri yogulidwa kwa munthu, ndinaikamo OpenWrt, pulogalamu yoyendetsa rauta, n'kuilumikiza kumbuyo kwa modemuyo. Modemu ikubweretsa intaneti, rauta yachiwiri ikuloka, ndipo aliyense m'nyumba akulumikiza wayifayi ya rauta yachiwiriyo. Zofunika kwambiri mu fayilo yomwe mwini seva amakupatsa ndi mizere iyi:

```
AllowedIPs = 0.0.0.0/0
PersistentKeepalive = 25
```

Mzere woyamba ukunena kuti adiresi iliyonse ya IPv4 idzere mu tanelo. Pa OpenWrt uyeneranso kuchonga `Route Allowed IPs`, apo ayi tanelo imadzuka koma palibe cholowamo. Mzere wachiwiri umatumiza kapaketi kakang'ono masekondi 25 aliwonse, kuti netiweki ya foni isaiwale njira yobwererera kwa iwe ukakhala chete. Kenako mu fayawolo ndinalola `lan`, netiweki ya m'nyumba, kupita ku zoni ya VPN yokha, n'kuchotsa chilolezo cha `lan` kupita ku `wan`, mbali yotulukira ku modemu. Tanelo ikagwa, intaneti ya nyumba imagwera limodzi, palibe chotuluka poyera.

Ndinene mosabisa, njira imeneyi ndaikonda kwambiri, ndipo ndikuona kuti nyumba kapena ofesi iliyonse yokhala ndi zipangizo zingapo ikanayenera kuyambira pamenepa. Wailesi ya kanema yomwe ilibe apu ya VPN yalowa. Laputopu yakale ya achimwene yalowa. Amayi sakufunika kukumbukira kudina kalikonse. Kwa mwini seva, nyumba yonse ndi chipangizo chimodzi chokhala ndi kiyi mmodzi, kotero malire aja oti akaunti imodzi ilole zipangizo zakutizakuti sakutikhudza. Pulinta nayo ikuoneka bwinobwino, chifukwa mapaketi a m'nyumba momwemo safika n'komwe pa tanelo, pomwe apu ya pa laputopu nthawi zina imatseka ngakhale njira yopita ku pulinta yomwe ili pa tebulo lomwelo. Anthu amadandaula kuti rauta ili ndi pulosesa yofooka ndiye liwiro limatsika. N'zoona, makamaka ndi OpenVPN. Koma WireGuard ndi yopepuka, inalowa mu kenelo ya Linux 5.6 mu 2020, ndipo kwathu kuno chomwe chimayamba kutopa ndi netiweki ya foni, osati rauta. Chomwe ndimasamala n'kutentha basi. Mwezi wa Okutobala kuno kumapyola madigiri 40, ndiye rauta ndinaichotsa pafupi ndi malata n'kuiika potsika podutsa mphepo.

Koma funso lomwelo la pomwe pali kiyi lili ndi mbali yake yowawa, ndipo ndinaikumana magetsi atathima.

Atayakanso, modemu inadzuka, rauta inadzuka, wayifayi inaoneka pa mafoni onse, koma palibe tsamba lomwe linkatsegula. Mchemwali wanga anabwera ndi foni m'manja: “Achimwene, bandulo yatha kodi? Ndagula dzulo lomweli.” Bandulo inalipo. Nditalumikiza laputopu ku modemu mwachindunji, intaneti inkayenda. Ndinalowa mu rauta n'kulemba malamulo awiri:

```
wg show
date
```

Loyamba linaonetsa `0 B received` pa mzere wa `transfer`, pomwe mabayiti otumizidwa ankangokwera pang'onopang'ono, ndipo mzere wa `latest handshake` kunalibe. Kutanthauza kuti rauta ikugogoda, seva siikuyankha. Lachiwiri ndilo linaulula mlandu: wotchi ya rauta inali mmbuyo, ikuonetsa tsiku lomwe ndinasintha zinthu komaliza.

Nazi zomwe zimachitika. Marauta ambiri otsika mtengo alibe wotchi ya batire. Magetsi akathima amaiwala nthawi, ndipo OpenWrt ikadzuka imangotengera nthawi ya fayilo yomwe inasinthidwa komaliza mu `/etc`, kudikira kuti ifunse nthawi yeniyeni ku maseva a NTP. Tsono uthenga woyamba womwe WireGuard imatumiza polonjerana ndi seva umakhala ndi chidindo cha nthawi. Seva imasunga chidindo chatsopano kwambiri chomwe inalandirapo kwa kiyi ameneyo, ndipo chilichonse chakale kuposa chimenecho imachitaya mwakachetechete, poopa kuti wina wajambula uthenga wakale n'kuutumizanso. Rauta yanga inali kubwera ndi chidindo chakale, seva n'kumaikana. Kuti ikonze wotchi ikufunika NTP. Koma ndinali nditauza mapaketi onse kuti adzere mu tanelo, kuphatikizapo a NTP, ndipo tanelo ikudikira wotchi. Chilichonse chikudikira chinzake.

Kukonza kwa pompopompo n'kosavuta. Pa tsamba la rauta, pansi pa `System`, pali batani lolembedwa `Sync with browser`. Nditalidina, rauta inatenga nthawi ya laputopu, ndipo posakhalitsa `latest handshake` inaoneka, mafoni n'kuyamba kulira ndi mauthenga. WireGuard imayesanso kulonjera pafupifupi masekondi 5 aliwonse, ndiye sipafunika kuzimitsa kalikonse. Kukonza kokhalitsa ndiko kupatula NTP kuti izidzera ku `wan`. Ndinalemba seva ya nthawi ndi adiresi yake ya manambala, osati dzina, chifukwa kumasulira dzina kumafuna DNS, yomwe nayonso ili mu tanelo yakufayo. Kenako ndinaika njira yokhazikika yoti adiresi imeneyo yokha izituluka pa modemu.

Foni yokhala ndi apu siikumana ndi zimenezi. Ili ndi batire, wotchi yake siima, ndiponso imatenga nthawi ku netiweki. Kiyi ukamuika pa chipangizo chodalira soketi ya pakhoma, watenganso matenda onse a chipangizocho, ndipo akadwala mmodzi nyumba yonse yagona.

Apa mpamene ndimakwiya nawo aphunzitsi athu. Anatipatsa tebulo pa bolodi, uku zabwino za rauta, uku zoipa, tiloweze pamtima mayeso akubwera. Sanajambule mzere ngakhale umodzi woonetsa pomwe kuloka kukuchitikira. Nditawafunsa za wotchi anati, “Zimenezo si za mu silabasi, mudzaziona ku ntchito.” Ku ntchito kwake kuti, pamene kuno magetsi kuthima si nkhani? Labu timalowa kwa nthawi yochepa, rauta imodzi anthu mulu, ndipo ukangoyamba kumvetsa belu lalira. Zambiri ndaziphunzira usiku ndi bandulo yanga, thukuta lili kamukamu, ndipo zimandipweteka kuti anzanga omwe alibe rauta kwawo adzakhoza mayeso asanaonepo `wg show` ndi maso awo.

Chomwe chikundivutabe ndi foni yoyenda. Mchemwali wanga amagulitsa ku msika wa Nchalo. Akangotuluka pa geti, wayifayi yatha, foni yabwerera ku data yake, tanelo yatsala m'nyumba. Ngakhale ali m'nyumba momwemo, wayifayi ikafooka foni imatha kulumphira ku data yokha popanda kumuuza, ndipo palibe chizindikiro cha kiyi choti chizime n'kumuchenjeza, poti pa foniyo sipanakhalepo kiyi. Yankho looneka ndi kumuikiranso apu. Koma akabwera madzulo ndi apu yoyaka, paketi ilokedwa kawiri, tanelo m'kati mwa tanelo. Tanelo iliyonse ya WireGuard imawonjezera mabayiti 60 pa IPv4 kapena 80 pa IPv6, n'chifukwa chake MTU yake, malire a kukula kwa paketi, imayambira pa 1420 m'malo mwa 1500. Ukasanjikiza ziwiri uyenera kutsitsa MTU ya m'katiyo, apo ayi mapaketi akuluakulu amang'ambidwa kapena kutayika, ndipo umaona mauthenga afupiafupi akudutsa koma masamba akuima pakati.

Palinso masamba ena, makamaka a ndalama, omwe amakayikira munthu wooneka ngati ali ku Johannesburg. Pa foni umangozimitsa apu kwa kamphindi. Pa rauta uyenera kuika `pbr`, pulogalamu yosankhira mapaketi njira, n'kupatula chipangizocho kapena tsambalo, ndipo wodziwa kuchita zimenezo m'nyumba muno ndi ine ndekha. Ndikakhala ku Blantyre iwo atani?

Ndiye sindinatsimikize chochita. Mtima ukuti rauta isunge wailesi ya kanema, laputopu ndi zina zosatuluka pakhomo, mafoni akhale ndi apu zawo pa wayifayi yachiwiri yosadzera mu tanelo. Koma kutero ndikubwerera kokumbutsa amayi kuti adine batani, komwe ndinkathawa poyamba. Mwina `Always-on VPN` ya pa Android ikwanira pamenepo, ndisanayese pa foni yawo sindinganene.