Munthu akagwa pansi pa mapemphero, wofufuza alembe chiyani?

Ntchito imene tapatsidwa teremu ino m'phunziro la chikhalidwe cha anthu ndi zipembedzo ndi yokakhala nawo pa mapemphero a mpingo umene si wathu, n'kulemba zochitikazo moti eni mpingo akawerenga avomere kuti ndi zawodi, ndiponso munthu amene sanapondeko amve bwinobwino zimene zinachitika. Zofuna ziwirizi zimakokana. Kenneth Pike, katswiri wa zilankhulo wa ku America, anazisiyanitsa mu 1954: pali kaonedwe ka mwini mwambo, amene amadziwa tanthauzo la chilichonse, ndiye pali kaonedwe ka mlendo, amene amayeza zinthu ndi muyeso wochokera kwina. M'kalasi zimamveka msanga. Chovuta chimabwera ukagwira cholembera.

Ine ndinakulira mu CCAP, choncho ndinasankha kampingo ka chipentekoste kamene kamasonkhana m'kalasi ya sukulu ina ku Ndirande. Ndinayamba ndapempha chilolezo kwa abusa, n'kuwalonjeza kuti sinditchula dzina la mpingo kapena la munthu, komanso kuti sindijambula aliyense. Ndinakhala pa benchi ya kumbuyo. Kuimba ndinkaimba nawo, akati tiimirire ndinkaimirira, koma ataitana ofuna kupemphereredwa ndinatsala pamalo panga. Malire amenewa n'kofunika kuwaika usanalowe, chifukwa nyimbo zikakolera supeza mpata woganiza.

Ulaliki utatha, anthu anandanda kutsogolo. Abusa anaika dzanja pamphumi pa mayi wina wa zaka za m'ma 40, n'kupemphera mokweza. Mayiyo ananjenjemera, n'kugwa chagada. Amayi awiri amene anali kumbuyo kwake anamuwakha n'kumugoneka pansi, wina n'kumufunditsa chitenje m'miyendo. Anakhala chigonere mphindi ngati zisanu, kenako anadzuka akulira, n'kubwerera pamalo pake.

Ndime imeneyi ndi ya maso okha, ndipo aliyense amene analipo sangaitsutse. Mkangano umayamba pa chiganizo chotsatira. Ndikalemba kuti “Mzimu Woyera unamugwetsa”, ndalalikira, ndipo wowerenga wa chipembedzo china afunsa kuti ndinauona bwanji Mzimuwo. Ndikalemba kuti “anakomoka chifukwa cha phokoso ndi kutengeka mtima”, ndaweruza mlandu umene sindinaufufuze, popeza sindine dokotala ndipo sindinamuyeze. Zoopsa kwambiri ndi timawu tozembera monga “ankati wagwidwa ndi Mzimu” kapena “anadzigwetsa”. Timaoneka ngati tikungofotokoza, chonsecho tamunena kale munthu kuti ndi wabodza.

Njira imene inandithandiza ndi yogawa tsamba la kope m'magawo atatu. Kumanzere ndimalemba zimene ndaona ndi kumva, pamodzi ndi nthawi yake. Pakati ndimalemba zimene anthu anena, m'mawu awo enieni, n'kusonyeza kuti wanena ndi ndani, pamaso pa yani. Kumanja ndi kwa maganizo anga, ngakhale oipa amene. Mwachitsanzo, ndinalembako kuti phokoso la sipika linkandinyansa ndipo ndinkalakalaka bata la kwathu. Zimenezi sizipita mu lipoti monga choonadi cha mpingowo, koma zimandichenjeza kuti pamene ndalemba kuti “chisokonezo” mwina ndi Chipresibiteriyani changa chimene chikulankhula.

Gawo la pakati ndi limene linandiphunzitsa zambiri, chifukwa eni mpingo sanalankhule chimodzi. Abusa anandiuza kuti panali chiwanda chimene chinkamumanga mayiyo, ndipo kugwako kunali kutuluka kwake. Mwiniwake, nditacheza naye padera mkati mwa sabata, sanatchule chiwanda n'komwe. Anati anamva kutentha m'thupi, miyendo inatha mphamvu, ndipo podzuka mtima unali utapepuka pa nkhawa imene anabwera nayo. Kwa iye amene anamukhudza ndi Mulungu, osati kuti munatuluka kanthu. Mmodzi wa amayi owakha aja, mkhristu wolimba ndithu, anaseka n'kunena kuti kugwa kwenikweni kulipo, koma ena amangogwa poona anzawo, ndipo iye amawadziwa chifukwa amayamba acheuka kuti aone ngati kumbuyo kuli munthu. Ndiye “kaonedwe ka eni ake” ndi kati pamenepa? Ndikanangomva za abusa, lipoti likanakhala la abusa, osati la mpingo. Ndipo kukayikira kumene ndinkayesa kuti ndi katundu wa ife alendo kunapezeka kuti kuli m'kati momwemo, koma kuli ndi malamulo ake.

Mlendo nayenso ali ndi zake zimene amaona. Mapemphero asanayambe, zitenje zinali zitapindidwa kale pa benchi ya kutsogolo. Owakha aja ankaima kumbuyo kwa munthu abusa asanamufike. Woimba kiyibodi ankatsitsa nyimbo nthawi yomwe pemphero likuyamba, n'kuikweza munthu akagwa. Palibe amene anandiuza zimenezi, ndipo nditafunsa anangoti, “Ndi mmene timachitira.” Komatu zikusonyeza kuti kugwa kuli ndi malo ake m'dongosolo la mapemphero, kuli ndi antchito ake ndi zipangizo zake. Apa m'pofunika kusamala. Kunena kuti mpingo umakonzekera kugwa si kunena kuti kugwako n'kwachinyengo, monganso kukonzeratu mkate ndi chikho sikuchotsa ulemu wa Mgonero.

Chimene chinandimasula pa mfundoyi ndi chitsanzo cha Evans-Pritchard, katswiri wa chikhalidwe cha anthu wa ku Britain, amene anafufuza pakati pa Azande a ku Sudan n'kusindikiza zotsatira zake mu 1937. Nkhokwe ikagwera anthu amene akhala pamthunzi wake, Azande amadziwa bwino lomwe kuti chiswe chadya mizati. Akamatchula ufiti amakhala akuyankha funso lina: bwanji yagwa nthawi imeneyo, pamene pansi pake pali anthu amenewo? Chimodzimodzi kuno. Ine ndikhoza kufotokoza dongosolo, nyimbo ndi kaimidwe ka anthu. Mayi uja akufotokoza chifukwa chake zinamuchitikira iyeyo, Lamulungu limenelo, ali ndi nkhawa imeneyo. Ntchito yanga si kusankha wopambana, koma kusonyeza funso limene aliyense akuyankha.

Kukhala mwini nakonso kuli ndi khungu lake. Mnzanga wa m'kalasi, Msilamu, anasankha tchalitchi cha kwathu, ndipo anabwera ndi mafunso amene anandisowetsa chonena: bwanji mpingo wonse umaimirira akulu a mpingo akamalowa pamzere ndi abusa, ndani amasankha wokhala kutsogolo, bwanji amayi a Mvano amavala zoyera ndi zakuda masiku ena okha? Ine ndikanalemba za kwathu ndikanangoti “tinaimba, tinapemphera, tinamva Mawu”, mizere itatu basi.

Ndime ya kugwa kwa mayi uja ndinaimaliza motere: poyamba zimene thupi la mayiyo linachita ndi zimene owakha anachita, kenako mawu a anthu atatu aja, aliyense ndi udindo wake, ndipo pomaliza ndemanga yanga yoyamba ndi “ine ndikuona kuti”, kuti wowerenga adziwe pamene mawu asinthira mwini. Ndinakaiwerengera abusa. Zofotokoza zonse anazivomera, koma anapempha kuti ndichotse mawu a mayi wowakha uja, ati angafooketse ofooka. Sindinawachotse, popeza ndi umboni ndipo mwiniwake anandilola kuwalemba. Ndinangochotsa chilichonse chimene chikanamuulula, n'kuwonjezera chiganizo chonena kuti abusa sakugwirizana nawo komanso chifukwa chimene anapereka.