Chingwe chozungulira m'malo mwa thanki ya madzi: pomwe ndafika ndi fanizo la magetsi

Sabata ino ntchito ya pa tebulo inali imodzi: kupeza fanizo lofotokozera karenti, voliteji ndi rezisitansi lomwe silidzafunika kulichotsanso m'mutu mwa wophunzira pakapita chaka. Ndaliika pambali fanizo la thanki ndi mpopi, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Thanki imatha madzi. Paipi imayamba ili yopanda kanthu, madzi n'kubwera pambuyo. Mukaidula, madzi amatayikira pansi. Wophunzira amatenga zonsezi n'kuziika pa magetsi, ndiye amakhulupirira kuti batire ndi nkhokwe ya karenti, kuti babu limamwa karentiyo, ndipo yobwerera ku batire imakhala yochepa. Zonsezi n'zabodza, koma zikalowa m'mutu zimakanirira.

Chomwe chikugwira bwino ndi chingwe. Pamafunika chingwe chosalala cha mamita 4, chomangidwa nsonga ndi nsonga kuti chikhale chozungulira, ndi tepi yomata pa masentimita 50 aliwonse, zizindikiro 8 zonse pamodzi. Anthu atatu kapena anayi amachigwira momasuka kuti chizitsetsereka m'manja. Mmodzi ndiye batire: amakoka chingwe dzanja ndi dzanja kuti chizizungulira. Wina ndiye rezisita: amafinya pang'ono chingwe chikamadutsa m'dzanja lake.

Karenti ndi kuchuluka kwa zizindikiro zodutsa pamalo amodzi pa nthawi yoikika. Muike wowerenga mmodzi chingwe chisanafike pa wofinya uja, wina chitadutsa, awerenge kwa masekondi 20. Manambala awo amafanana, ndipo palibe amene amadabwa, poti aliyense akuona kuti dzanja silikudya chingwe. Komabe dzanjalo likutentha. Apa ndiye pagona nkhani: chomwe chikuchoka kwa wokoka n'kukathera m'dzanja la wofinya ndi mphamvu, osati chingwe. Batire ikatha, chatha ndi mphamvu ya mankhwala a m'kati mwake, ngati wokoka watopa. Maelekitironi ali momwemo m'waya monga analili isanalumikizidwe.

Chingwe chimayankhanso funso lomwe thanki imalephera: bwanji babu limayaka nthawi yomweyo? Wokoka akangoyamba, chingwe chonse chimasuntha pamodzi, ngakhale tepi iliyonse ikuyenda pang'onopang'ono. M'waya wa kopa wa 1 mm² wonyamula ampeya imodzi, maelekitironi amasendera kutsogolo pafupifupi masentimita 26 pa ola. Chofulumira ndi kukankhana kwawo, osati ulendo wa elekitironi imodzi.

Voliteji ndiyo imafuna kudekha. Gwirani chingwe mbali zonse ziwiri za dzanja lofinya: mbali yomwe chikukokedwera n'chokungika, mbali inayo n'cholendewera. Kusiyana kwa kukungikako ndiko voliteji. Choncho voliteji siyenda m'waya, ndipo sikhala pamalo amodzi. Imayezedwa pakati pa malo awiri, n'chifukwa chake mita yoyezera magetsi ili ndi nthambo ziwiri. Mawu oti "voliteji ikudutsa mu rezisita" ndi ofunika kuwakonza pomwepo. Chodutsa ndi karenti.

Pali cholakwika chimodzi chomwe wokoka amachita mosadziwa. Wofinya wachiwiri akawonjezeka, wokoka amalimbikira kuti chingwe chiziyendabe liwiro lomwe lija. Akatero waphunzitsa bodza lina, loti batire imatulutsa karenti yofanana nthawi zonse. Batire imasunga voliteji yofanana, karenti imadalira zomwe mwalumikiza. Wokoka auzidwe kuti azikoka ndi mphamvu yofanana, chingwe chichedwe chokha. Si zophweka, manja amafuna kupikisana, koma fanizo lonse limaima pamenepa.

Fanizo lisasiyidwe lopanda mita. Zipangizo zake: batire ya 9 V, rezisita ya 470 Ω (mizere yachikasu, yapepo, yabulauni), ya 1000 Ω (yabulauni, yakuda, yofiira), mawaya ndi mulitimita. Lumikizani marezisita awiriwo motsatizana, ngati manja awiri pa chingwe chimodzi. Musanayeze, wophunzira alosere kaye pa pepala rezisitansi yonse R ndi karenti I:

```
R = 470 + 1000 = 1470 Ω
I = V / R = 9 / 1470 = 6.1 mA
```

Kenako dulani dera, njira yozungulira ya karentiyo, pa malo atatu, amodzi amodzi, n'kulowetsapo mita ili pa `mA`: pakati pa batire ndi rezisita yoyamba, pakati pa marezisita awiriwo, ndi pobwerera ku batire. Ponse patatu nambala ndi imodzi. Batire yatsopano imasonyeza pafupifupi 9.5 V, ndiye mungaone 6.5 mA m'malo mwa 6.1, ndipo marezisita a mzere wagolide amatha kuphonya ndi 5 pa 100. Zimenezo zisakuvuteni, chofunika n'chakuti manambala atatuwo asasiyane. Lumikizaninso dera, ikani mita pa `V`, bwezerani nthambo yofiira pa bowo la `V`, muyeze mbali ziwiri za rezisita iliyonse: pafupifupi 2.9 V pa ya 470 Ω ndi 6.1 V pa ya 1000 Ω, kuphatikiza 9 V. Dzanja lofinya kwambiri ndilo lili ndi kusiyana kwakukulu kwa kukungika. Sinthanitsani malo a marezisitawo, palibe chosintha, ndipo ganizo loti woyamba kufikiridwa amadya zambiri limafera pomwepo. Musalonjeze kuti rezisita itentha ngati dzanja lija: mphamvu yake pano sifika 0.05 W, chala sichimva kanthu.

Mita ikasonyeza `0.00` pa karenti pomwe voliteji ikuoneka bwino, kawirikawiri fyuzi ya m'kati mwa mita yapsa. Imapsa munthu akagunditsa nthambo pa mitu iwiri ya batire mita ili pa `mA`. Pa chingwe, kumeneko n'kukoka popanda wofinya aliyense: chingwe chimathamanga mosaletseka. Chizindikiro cha `-` kutsogolo kwa nambala chimangotanthauza kuti nthambo zatembenuzidwa.

Malire a chingwe ayenera kunenedwa mokweza, wophunzira asanawagwere yekha. Oyamba ndi swichi. Kuzimitsa swichi kapena kudula waya sikufanana ndi kudula chingwe, koma ndi kuchifinya mpaka chiime: wokoka akukokabe, kukungika kulipo, koma palibe tepi yodutsa. Ndiye voliteji ilipo, karenti palibe. Izi n'zofunika kuposa mayeso a m'kalasi, chifukwa waya wosanyamula karenti ukhoza kukhala ndi voliteji yoopsa, ndipo zoyeserera zonsezi ndi za batire basi, osati magetsi a pakhoma.

Malire achiwiri ndi aakulu: chingwe sichigawika panjira. Marezisita omwe aja mukawalumikiza mogundizana, aliyense ndi njira yake pa 9 V, ya 470 Ω imatenga 19.1 mA, ya 1000 Ω imatenga 9 mA, ndipo batire imatulutsa 28.1 mA. Kuwonjezera rezisita kwachulukitsa karenti, pomwe pa chingwe dzanja lililonse lowonjezera limachedwetsa. Apa madzi amabwerera, koma osati thanki: mapaipi otsekeka ozungulira, odzaza kale, pampu ikukankha, ndi tinjira tiwiri topapatiza moyandikana. Gawo lotsatira ndi kumanga dera limenelo ndi paipi yoonekera m'kati ya mamilimita 6, kuti ndione ngati tinjira tiwirito tingaonetse kugawikana kwa karenti ndi maso.