Difiteriya: chomwe chimapha ndi poizoni

Sabata ino pophunzira za matenda a pakhosi ndinakhalitsa pa difiteriya, chifukwa imayamba mozemba. Kachirombo ka bakiteriya kakalowa kudzera m'malovu a munthu wotsokomola, pamapita masiku 2 mpaka 5 zizindikiro zisanaoneke, ndipo zikamabwera n'zodziwika kale: pakhosi powawa, kufooka, thupi kutentha pang'ono chabe. Kholo limene likudikira malungo aakulu kuti lithamangire kuchipatala likhoza kudikira mpaka mochedwa.

Tiyerekeze mwana wa zaka 4 yemwe anabayitsa katemera kamodzi kokha. Tsiku lachitatu chiyambireni kudwala, akayasamula mukuona nembanemba yotuwa, yokhuthala, yomatirira kukhosi. Mafinya a zilonda wamba zapakhosi amachoka mukapukuta. Iyi imakana, ndipo mukaikakamiza imatuluka magazi, choncho siyoti muipale. Khosi limatupa m'mbali monse. Nembanembayo ikatsikira kukholingo mawu amasasa, mpweya umalowa ukulira, ndipo mwana akhoza kubanika.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri n'chakuti kachiromboko nthawi zambiri sikachoka pakhosipo. Chimayenda m'magazi ndi poizoni wake, yemwe amaletsa maselo kupanga mapuloteni mpaka kufa. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, pakhosi pakuoneka ngati pakupola, mtima umatha kuyamba kugunda mosalongosoka. Mitsempha nayo imafooka: mwana akumwa madzi, madziwo n'kumatulukira m'mphuno. Ngakhale ndi chithandizo, odwala 5 mpaka 10 pa 100 alionse amamwalira, ndipo kwa ana osakwana zaka 5 chiwerengerochi chimakwera.

N'chifukwa chake mankhwala amakhala awiri. Penisilini kapena erithiromaisini kwa masiku 14 amapha kachirombo, koma poizoni wotuluka kale samukhudza. Ameneyo amafuna antitokisini, mankhwala othetsa mphamvu ya poizoni, wopangidwa kuchokera m'magazi a akavalo, ndipo amangogwira poizoni yemwe sanalowe m'maselo. Dokotala akakayikira difiteriya amapereka pomwepo, osadikira zotsatira za kulabotale.

Katemera naye amalimbana ndi poizoni yemweyu. Ndi poizoni wophedwa mphamvu, amene amaphunzitsa thupi kumuzindikira asanavulaze. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kubaya katatu kuyambira mwana ali ndi masabata 6, motalikirana masabata osachepera 4, kenako owonjezera atatu: pa miyezi 12 mpaka 23, zaka 4 mpaka 7, ndi zaka 9 mpaka 15. Owonjezerawa ndimawaona kuti anthu amawapeputsa, chonsecho chitetezo chimazilala ndi nthawi. Ndipo popeza katemerayu amalunjika pa poizoni, munthu wobayitsa akhoza kusunga kachiromboko pakhosi osadwala, n'kupatsira mwana uja wa jakisoni mmodzi. Ngakhale wochira difiteriya amafunikabe kubayidwa, chifukwa kudwalako sikusiya chitetezo chodalirika.